Musanadine Send: mafunso anayi oyezera imelo yopita kwa munthu amene sakukudziwani

Mlembi wa gulu lina la alimi a chitowe cha ku Ngabu anandipeza masana ena a mwezi wa Juni, nditakhala pansi pa mtengo wa nimu kudikira kuti dzuwa lipepe. Anandipatsa foni yake n'kunena kuti, "Achimwene, tandionereni kalatayi ndisanaitumize. Ndagona mochedwa ndikuilemba." Inali imelo yopita kwa makampani ogula mbewu a ku Limbe, anthu amene sanamvepo za gululo. Ndiigwiritsa ntchito pano pokuonetsani m'mene ndimayezera kalata yotere, chifukwa zolakwika zake ndi zomwe ndimaziona m'makalata ambiri ochokera kuno kuchigwa, kaya ndi a gulu la ulimi wothirira, komiti ya sukulu kapena kalabu ya achinyamata. Mayina ndachotsamo. Inali yotere:

Mutu: PEMPHO

Okondedwa Bwana/Dona,

Choyamba ndikuthokoza Mulungu pondipatsa mwayi wolemba kalatayi. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse ogwira ntchito kumeneko. Kuno tili bwino, kungoti dzuwa.

Ife ndife gulu la alimi lomwe linayamba mu 2016, pambuyo pa madzi osefukira a mu 2015. Masomphenya athu ndi kuthetsa umphawi ndi kutukula amayi ndi achinyamata. Takumana ndi mavuto ambiri monga namondwe wa Ana mu 2022, wa Freddy mu 2023, ng'amba, komanso mavenda amene amatibera pa sikelo. Timalima chitowe, thonje ndi mapira, ndipo ena amaweta mbuzi. Chaka chino takolola chitowe chambiri, chabwino zedi.

Choncho tikupempha kuti tigwire ntchito limodzi. Mutithandize ndi msika, mbewu, malona, maphunziro ndi thandizo lina lililonse limene mungakwanitse. Tidzakondwa mukadzatiyendera nthawi ina iliyonse. Taphatikiza malamulo a gulu, setifiketi yathu ndi zithunzi 14.

Poyembekezera yankho lanu labwino mwamsanga,
Mlembi

Mulibe bodza m'kalatayi, mulibenso mwano. Komabe ndinadziwa kuti sadzayankhidwa. Mafunso amene ndimayezera ndi anayi: pempho, kukhudza wowerenga, kumveka, ndi kutalika. Ambiri amayamba ndi kumveka n'kumalizira pempho, potsata m'mene kalata imayendera kuchoka pamwamba kutsika pansi. Ine ndimayambira ku pempho. Simungadziwe chiganizo choyenera kukhala ndi choyenera kuchoka musanadziwe chimene mukufuna kuti munthuyo achite akamaliza kuwerenga.

Musanayambe kuyeza

Musayeze kalata nthawi yomweyo mwaimaliza. Maso anu amakhala akuwerenga zimene zili m'mutu mwanu, osati zimene zili pa sikirini. Isiyeni igone, kapena ingopitani kukasamba n'kubwerera. Kenako itumizeni ku adiresi yanu yomwe ndipo muitsegule pa foni, ngakhale munailembera pa laputopu, chifukwa n'kutheka kuti wolandirayo adzaionera koyamba pa foni.

Ndiye lembani pa kapepala yankho la funso ili: kodi adzatsegule kalatayi ndani, ndipo adzakhala akutani? Ife tinalemba kuti: woyang'anira zogula mbewu pa kampani ya ku Limbe, nyengo yogula ili pachimake, malole akutsitsa katundu panja, foni ikulira. Munthu ameneyu si mdani wanu. Wangotanganidwa, ndipo sakukudziwani. Kapepalako kaikeni pambali pa foni, chifukwa mafunso onse anayi muwayankha ngati kuti ndinu iyeyo.

Choyamba: pempho lili pati, ndipo ndi angati?

Koperani kalatayo papepala, kapena ingoiwerengani ndi cholembera m'manja, mudule mzere pansi pa chilichonse chimene mukumupempha wowerenga kuti achite. Kenako muwerenge mizereyo. Mlembi uja anadula pansi pa msika, mbewu, malona, maphunziro, thandizo lina lililonse, ndi kuyendera. Asanu ndi limodzi. Ndinamufunsa kuti, "Nanga bwanayo atayankha kuti inde, ndiye kuti wavomera chiti?" Anaseka, n'kuti, "Chilichonse, achimwene, bola ayankhe."

Apa ndi pamene makalata ambiri amafera. Timaganiza kuti tikaponya mbedza zambiri imodzi ikola, koma kwa wowerenga pempho lililonse ndi ntchito. Za mbewu afunse bwana wake, za maphunziro mwina si za dipatimenti yake, za malona palibe bajeti. Poti sangayankhe zonse lero, amati aionabe, ndipo mawa lake kalata yanu yakwiririka pansi pa zina.

Pempho labwino limapambana mayeso atatu. Loyamba, munthu angathe kuliyankha ndi mzere umodzi ali chiimire: inde, ayi, kapena "lankhulani ndi uje." Mawu akuti "tigwire ntchito limodzi" amalephera pomwepa, chifukwa palibe amene angavomere chinthu chosadziwika kukula kwake. Lachiwiri, likhale laling'ono molingana ndi m'mene mukudziwirana. Munthu amene sanaonepo chitowe chanu sangalonjeze pa imelo kuti agula matumba onse, koma angavomere kulandira sampulo. Lachitatu, likhale ndi tsiku, ndipo tsikulo likhale ndi chifukwa chake chenicheni. "Mwamsanga" si tsiku. Nditafunsa mlembi kuti chikuwathamangitsa n'chiyani, anandiuza kuti gulu linali ndi msonkhano Loweruka pa 15 Juni, pomwe mamembala amayenera kugwirizana zogulitsa kwa mavenda kapena kudikirabe. Tsiku linapezeka pomwepo: yankho lifike pofika Lachisanu pa 14 Juni. Tsiku lotere silimveka ngati kulamula, chifukwa mwanena chimene chalibweretsa.

Tinasankha pempho limodzi: atiuze ngati tingawatumizire sampulo ya kilogalamu imodzi, komanso kuti tiipereke kwa ndani.

Pali china chimene ndinachotsa dala, ndipo mlembi sanakondwe nacho poyamba. Kalata yake inali yogulitsa ndi yopempha thandizo nthawi imodzi. Ziwirizi siziyendera limodzi. Mukamuuza wogula kuti mulibe malona, mavenda akukuberani ndipo mulandira chilichonse, mwamuuza kale kuti mtengo uliwonse muvomera. Kalata yopempha malona ilembedwe payokha, ipite kwa ena amene ntchito yawo ndi yothandiza magulu.

Onaninso pamene pempholo lakhala. Ife tinaleredwa kuti pamaso pa akuluakulu sufikira kutula nkhani. Umakhala pansi, kuwomba m'manja, kufunsana za kumene wachokera, ndipo kwa amfumu nkhani imadzera kwa anyakwawa. Khalidwe limeneli ndi labwino pabwalo, pomwe amene mwamupezayo wakhala kale pansi kuti akumvereni. Wa ku Limbe uja sanakhale pansi. Moni wa mzere umodzi ndi wokwanira, ndipo pofika chiganizo chachitatu adziwe chimene mwamulembera. Tsatanetsatane wa pempho angathe kubwera kumunsi, pa ndime yakeyake, kuti maso akamathamanga agwerepo.

Chachiwiri: kodi kalatayi ndi ya munthu ameneyu?

Funso ili ndimaliyeza ndi kasewero kosavuta. Chotsani dzina la amene mukumulembera, muikepo lina losiyana kwambiri: mpingo, banki, phungu wa dera lanu, bungwe lokumba mijigo. Kenako werenganinso. Ngati kalatayo ikuyendabe bwinobwino osasintha liwu, ndiye kuti simunalembere munthu aliyense. Ya mlembi uja ikanatha kupita kwa abusa, kwa DC ngakhale kwa kazembe, ndipo m'malo a To munalidi maadiresi asanu ndi anayi, ena a makampani opikisana okhaokha, onse akuonana.

Kukonza kwake kumayamba ndi chiganizo chimodzi chonena chifukwa chimene mwasankhira iwowo. Chiganizochi chimafuna kafukufuku pang'ono, ndipo chiyenera kukhala choona. Gulu lija linamva za kampani ina kwa alangizi a zaulimi, amene anaona malole ake akunyamula chitowe pa Bangula chaka chatha. Ndiye chiganizo chake n'chomwecho: alangizi a kuno atiuza kuti chaka chatha munagula chitowe ku Bangula. Wowerenga amadziwa pomwepo kuti kalatayi si yomwazamwaza. Koma musapeke. Musalembe kuti "takhala tikutsatira ntchito zanu zotamandika" pamene dzina lawo mwalimva dzulo. Akakuimbirani n'kufunsa kuti ntchito ziti, mudzachita chibwibwi. Ngati mwawatumiziridwa ndi munthu amene akumudziwa, mutchuleni, koma muyambe mwamupempha.

"Bwana/Dona" nayonso imaulula kuti simukudziwa amene mukulankhula naye. Imbani foni ku ofesi yawo, mufunse kuti amene amaona zogula chitowe ndani ndipo imelo yake ndi iti. Mayunitsi a mphindi ziwiri amenewo amaposa kutumiza ku adiresi yoyamba ndi info@, imene nthawi zina imatsegulidwa ndi munthu wosakhudzidwa ndi nkhani yanu. Dzina likakanika kupezeka, lembani udindo: "Kwa oyang'anira zogula mbewu."

Kenako tengani chiganizo chilichonse, chimodzichimodzi, muchifunse kuti: kodi chikumuthandiza munthuyu kuyankha pempho lija? Masomphenya othetsa umphawi samuthandiza kudziwa ngati akufuna sampulo. Thonje, mapira ndi mbuzi sizimukhudza, chifukwa nkhani ndi chitowe.

Pa Freddy ndi pamene tinakanganapo. "Achimwene, anthu anataya nyumba. Ndichotse bwanji zimenezo?" Ndinamumvetsa. Aliyense wa ku Chikwawa ndi Nsanje amene anaona madzi a mu Januwale 2015, kapena a mu Malichi 2023, sangazitche nkhani zazing'ono. Koma funso lathu silikuyeza kukula kwa nkhani. Likuyeza ngati nkhaniyo ili m'kalata yake. Gulu lomweli likamalembera bungwe lothandiza anthu okhudzidwa ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, Freddy akwere pamwamba penipeni, ndi chiwerengero cha mabanja ndi maekala amene anakokoloka. Kwa wogula chitowe, mbiri yofunika ndi ina: gululi linagulitsapo pamodzi? Kangati? Linakwaniritsa zimene linalonjeza? Zinapezeka kuti linagulitsapo pamodzi zaka zitatu zotsatizana, ndipo mfundo imeneyi, yomwe ikanamukhazika mtima pansi wogula, munalibemo m'kalata.

Chachitatu: kodi zikumveka popanda kukufunsani?

Tsopano zungulizani mawu onse opanda muyezo. M'makalata athu amakhala omwewomwewo: zambiri, zabwino, posachedwa, pafupi, nthawi ina iliyonse. Liwu lililonse lotere limasiya funso m'mutu mwa wowerenga, ndipo mafunso akachuluka amaona kuti kuyankha kalatayo n'kuyamba ntchito yofufuza.

"Chitowe chambiri" ndi chochuluka bwanji? Kwa mlimi wa ekala imodzi, matumba khumi ndi ambiri. Kwa kampani yotumiza kunja, matumba khumi sangadzutsire lole kutsika mapiri a pa Thabwa. Mlembi anati ali ndi matumba 180. Ndinamupempha buku la gulu. M'buku munali matumba 124 amene anali atalowa kale mosungira katundu, ndipo 56 anali akadali m'nyumba za mamembala amene analonjeza kubweretsa. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Chitowe chimene chili m'nyumba ya munthu chingathe kupita kwa venda madzulo omwewo mwana akadwala. Mukalemba 180, lole n'kubwera n'kupeza 124, simudzamuonanso wogulayo. Tinalemba manambala onse awiri, lililonse ndi dzina lake.

Thumba nalonso si muyezo mpaka mutanena kulemera kwake. Kumudzi timayeza ndi ndowa ndi zigoba, ndipo thumba lina amalisokerera mlomo kuti lilowe zambiri. Wogula amaganiza m'makilogalamu ndi matani. Muchitireni masamu: matumba 124 a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 6,200, kapena matani 6.2, ndipo 56 otsalawo ndi matani 2.8. Onse pamodzi ndi matani 9, katundu wokwana mu lole imodzi ya matani khumi. Munthu wa zogula akaona nambala imeneyo amayamba kale kuwerengera mafuta.

"Chabwino zedi" ndi maganizo anu, ndipo wogulitsa aliyense amatero. Nenani zimene munthu angazione ndi maso: n'choyera kapena chosakanikirana mitundu, chinapetedwa ndi kusefedwa kuti muchoke mchenga ndi zinyalala, chinaumitsidwira pa lona kapena pansi, ndi cha chaka chino. Ngati simunayeze chinyezi ndi makina, musalembe nambala ya chinyezi. Sampulo ndiyo idzayankhe zimenezo.

Malo nawonso amafuna muyezo. Munthu wa ku Limbe angadziwe Nchalo chifukwa cha shuga, koma dzina la mudzi wanu kapena la gulupu wanu silimuuza kanthu. Chimene akufuna kudziwa n'chakuti lole ifika kapena ayi. Tchulani malo odziwika a pa msewu wa M1, mtunda wochoka pa tala, ndi m'mene msewu wafumbiwo ulili. Amene muli kutsidya la kum'mawa kwa Shire, cha ku Makhanga kapena Muona, nenani njira imene galimoto ikudzera panopa, chifukwa mapu a pa foni sadziwa kuti mlatho uti ulipo ndi uti unapita ndi madzi. Zidule za mayina zimene timazitchula tsiku ndi tsiku ndi alangizi, monga EPA ndi VDC, zilembeni mokwanira kapena zisiyeni.

Mutu wa kalata, malo aja olembedwa Subject, ndimauyeza pomwe pano. "PEMPHO" ndi mutu umene umauza wotanganidwa kuti mkatimu muli katundu woti asenze. Mutu wabwino ndi kalata yonse yofinyidwa: chinthu, kuchuluka, malo. Tinalemba kuti "Chitowe choyera matani 6.2 ku Ngabu: titumize sampulo?" Pa foni mutu wautali umadulidwa kumapeto, ndiye mawu olemera akhale koyambirira. Poti munadzitumizira kalata ija, yang'anani pamene foni yanu yaudulira. Zilembo zazikulu zokhazokha zisiyeni, zimaoneka ngati mukukuwa.

Mayeso omaliza a kumveka amafuna munthu wina. Pezani amene sakudziwa nkhaniyi, mumupatse foni awerenge kamodzi, muilande, n'kumufunsa kuti: walemba ndani, ali ndi chiyani, akufuna chiyani, pofika liti? Ife tinapatsa mayi wina wogulitsa mandasi pafupi pomwepo. Pa kalata yoyamba ija anati, "Ndi anthu ovutika, akufuna chithandizo." Sanatchule n'komwe chitowe. Musamuthandize poyankha, ndipo musakangane naye. Akaphonya, cholakwa chili m'kalata.

Mwina mukuti makampani ambiri amalemberana m'Chingerezi. Zoona, ndipo mafunso awa sasintha ndi chilankhulo. Langizo langa n'lakuti muyambe mwaikonza m'chilankhulo chimene mumaganizira, kaya Chichewa kaya Chisena, mpaka itapambana mafunso onse, kenako muimasulire ndi mawu wamba. Mawu akuluakulu otola m'makalata a ena ndi amene amabweretsa chifunga.

Chachinayi: kutalika

Ili ndimalisiya kumapeto chifukwa mukafika pano ntchito yambiri yachitika kale. Sindiwerenga mawu, poti mawu a Chichewa ndi aatali ndipo chiwerengero chimanamiza. Ndimayeza ndi chala. Tsegulani kalatayo pa foni: chifukwa cholembera chioneke musanakankhe sikirini, ndipo kalata yonse ithe mutakankha kamodzi kapena kawiri. Ikapitirira apo, bwererani ku funso lachiwiri, pali ziganizo zimene munazimvera chisoni.

Kalata ingathenso kufupika mopitirira. "Tili ndi chitowe, tiimbireni" ndi yaifupi, koma yasiya ntchito yonse kwa wowerenga. Manambala, malo, tsiku ndi nambala ya foni sizidulidwa.

Zophatikiza nazonso ndi kutalika. Zithunzi 14 zojambulidwa ndi foni zingathe kupitirira malire a Gmail a 25 MB, ndipo ngakhale zisanafike pamenepo, pa netiweki ya kumidzi kuno mudzaona kalata itakhala mu Outbox, bandulo ikutha, inu mukuganiza kuti inapita. Komanso anthu ambiri amaopa kutsegula mafayilo ochokera kwa munthu wosamudziwa. Tinasiya zithunzi ziwiri: china chitowe chili pa chikhatho, chojambulidwa pafupi panja powala kuti mtundu uoneke, china matumba atasanjidwa mosungira. Malamulo a gulu ndi setifiketi tinangoti zilipo akazifuna.

Kalata itakonzedwa

Mutu: Chitowe choyera matani 6.2 ku Ngabu: titumize sampulo?

Kwa oyang'anira zogula mbewu,

Ndikupatsani moni. Ndine mlembi wa gulu la alimi 46 a chitowe cha ku Ngabu m'boma la Chikwawa. Alangizi a zaulimi a kuno atiuza kuti chaka chatha munagula chitowe ku Bangula, n'chifukwa chake ndakulemberani kuti ndimve ngati mungafune kuona chathu.

Mosungira mwathu muli matumba 124 a makilogalamu 50, omwe ndi matani 6.2. Ndi choyera, cha chaka chino, chopetedwa ndi kusefedwa. Mamembala alonjezanso matumba ena 56, koma sanafike. Tili makilomita 6 kuchoka pa M1, ndipo lole ya matani khumi imafika nyengo ino. Takhala tikugulitsa pamodzi zaka zitatu. Taphatikiza zithunzi ziwiri, ndipo malamulo a gulu ndi setifiketi yathu zilipo mukazifuna.

Kodi tingakutumizireni sampulo ya kilogalamu imodzi ku Limbe, ndipo tiipereke kwa ndani? Gulu likumana Loweruka pa 15 Juni kuti ligwirizane kogulitsa, choncho yankho lofika pa 14 Juni lingatithandize. Ngati nkhaniyi amaona ndi ena, chonde ndiuzeni dzina lawo.

Zikomo,
dzina, udindo, dzina la gulu, nambala ya foni

Mukamaliza kukonza, bwerezani mafunso anayi aja kuyambira pachiyambi, chifukwa kukonza kwina kumawononga kwina. Ife titawonjezera manambala, pempho linatsika kwambiri, ndiye tinaika kachiganizo kaja koti "ndimve ngati mungafune kuona chathu" m'ndime yoyamba. Mayi wa mandasi titamupatsanso foni anati, "Akugulitsa chitowe, akufuna atumize chochepa akachione, pofika Lachisanu." Tinadziwa kuti yapsa.

Muona kuti mtengo mulibemo. Tinausiya dala. Mtengo wa chitowe umasintha pakati pa nyengo, ndipo kuutchula wogula asanaone katundu kumatseka nkhani isanayambe, kapena kumakumangani pa mtengo wotsika. Koma pitani ku foni mukudziwa mtengo wotsikitsitsa umene unduna wa zaulimi walengeza chaka chimenecho, ndi umene mavenda akupereka sabata imeneyo, chifukwa akaimba funso loyamba limakhala lomwelo. Chiganizo chomaliza chija, chofunsa dzina la ena, chimapereka njira yoyankhira kwa munthu amene kalata yamufika molakwika, ndipo nthawi zambiri yankho loyamba limene mungalandire ndi limeneli.

Potumiza

Kampani iliyonse ilandire kalata yakeyake, ndi chiganizo chake cha chifukwa chimene mwaisankhira. Mwa maadiresi asanu ndi anayi aja, atatu okha ndi amene tinawapezera chiganizo choona, ndiye tinatumiza zitatu. Bcc imabisa maadiresi, koma siichiza kalata yolembera aliyense. Pokopera kalata kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, onetsetsani kuti dzina la kampani yoyamba silinatsalire mkati. Werengani adiresi chilembo ndi chilembo, ndipo nambala yanu ya foni muiwerenge mokweza. Adiresi yolandira muiike pomaliza penipeni, zonse zitatha, kuti chala chikaterereka kalata isapite ili theka. Ngati mwamaliza usiku, Gmail ili ndi Schedule send, yomwe imasunga kalata n'kuitumiza m'mawa nthawi ya ntchito. Onaninso dzina limene limaoneka kwa wolandira. Mlembi uja akaunti yake inali ndi dzina lachibwana limene anzake ankamuitana ku sekondale, ndipo tinalisintha tisanatumize.

Mafunso anayiwa ali ndi malire ake. Amayeza kalata, sayeza msika. Wogula amene wadzaza kale nkhokwe zake sangayankhe ngakhale kalata itakhala yosalala bwanji, ndipo kukhala chete kwake sikutanthauza kuti muyambirenso kulemba. Dikirani masiku anayi kapena asanu a ntchito, kenako tsegulani kalata yomwe ija mu Sent, dinani Reply kuti yakale ionekere pansi, mulembe mizere iwiri: mukukumbutsa, ndipo ngati pali chasintha muchinene. Kukumbutsa kamodzi ndi foni imodzi n'zokwanira.

Makalata atatu aja anapita Lachiwiri pa 4 Juni m'mawa. Kampani imodzi sinayankhe konse. Ina inayankha tsiku lomwelo kuti sigula pansi pa matani makumi atatu, yankho lowawa koma lothandiza, chifukwa gulu linasiya kuiyembekezera. Yachitatu inakhala chete mpaka mlembi atakumbutsa Lolemba lotsatira, n'kuwonjezera kuti matumba osungidwa afika 141. Madzulo ake kunabwera mzere umodzi wokhala ndi dzina la munthu wa ku nyumba yosungira katundu ndi nambala yake. Sampulo inakwera minibasi ya m'mawa pa Ngabu, itamangidwa m'jumbo ziwiri, ndi kapepala ka dzina la gulu mkati ndi kena kunja.